Wodwala Akalephera Kubwera: Mmene Mpata Wotsala Umaperekedwera kwa Odikira

Pa chipatala cha mano chimene chimalandira anthu mopangana nthawi, tsiku la dokotala limakhala litagawidwa kale m'zigawo za mphindi 30, 45 kapena ola lathunthu. Munthu mmodzi akaimba foni kuti sabwera, chigawo chake chimatsala chopanda mwini, pamene m'kope la wolandira odwala muli mayina a anthu amene anapatsidwa tsiku lakutali ndipo anapempha kuti akadziwitsidwe mpata ukapezeka msanga. Mpatawo sudikira: 10 koloko ikangodutsa, watayika. Komanso si wa aliyense amene angathamangire, chifukwa odikirawo anabwera motsatizana. Ntchito ya wolandira odwala ndi kupeza munthu nthawi isanathe popanda kulumpha amene anali patsogolo, ndipo njira yochitira zimenezi imadalira kwambiri maola amene atsala.

Zambiri zimakonzeka kapena kuonongeka pa tsiku limene munthu akulembedwa pa mndandanda. Dzina ndi nambala ya foni pazokha sizikwanira. Pamafunika tsiku ndi nthawi imene walembedwa, kutalika kwa chithandizo chimene akufuna, masiku amene angathe kubwera, ndiponso nthawi imene amafunika kuti akonzeke ndi kufika. Mphunzitsi sangasiye kalasi mwadzidzidzi, ndipo amene amakwera minibasi ziwiri sangafike m'mphindi 20. Funso lina lofunika ndi la mtundu wa foni. Wina ali ndi WhatsApp, wina amalandira SMS yokha, ndipo wina nambala imene wapereka ndi ya mwana wake, choncho amafunika kuimbiridwa. Pomwepo ndi pamenenso munthuyo amauzidwa lamulo la mndandanda, kuti akadzalandira uthenga adzakhala ndi mphindi zakutizakuti zoyankhira, ndi kuti akadzakana sadzataya malo ake. Lamulo lonenedwa pa tsiku lolembetsa anthu amalilandira bwino, koma likatuluka pa tsiku la mkangano limamveka ngati lopeka.

Mndandanda umayenda monga mzere wa pachigayo, woyamba kuika thumba ndiye woyamba kugayitsa. Pa chipatala pali chinthu chimodzi chokha chimene chimaloledwa kusintha mzerewo, ndicho kukula kwa vuto. Munthu wotupa chibwano sangadikire kumbuyo kwa amene akufuna kutsukitsa mano. Koma woweruza zimenezi ndi dokotala, amene amaika chizindikiro pa dzina la wodwalayo. Wolandira odwala akayamba kuweruza yekha, mzere umayamba kutsata amene amadandaula mokweza, amene amadziwana naye, kapena amene wabwera ndi galimoto.

Njira imene ambiri amathamangira ndi yotumiza uthenga kwa onse nthawi imodzi, woyamba kuyankha n'kutenga mpata. Ndi yachangu, palibe angatsutse. Vuto lake ndi lakuti imasankha munthu chifukwa cha foni yake osati chifukwa cha malo ake pa mzere. Amapambana ndi amene wakhala mu ofesi foni ili patebulo, bandulo ilimo, batire lili lodzaza. Mayi wogulitsa tomato pamsika amene foni yake wamanga pachitenje, kapena bambo amene wasiya foni kotchajitsa chifukwa magetsi anathima, amaona uthengawo zonse zitatha, ngakhale kuti anadikira milungu yambiri kuposa anzake. Izi zikachitika kawiri katatu, anthu otere amasiya kuyankha, ndipo mndandanda umasanduka wa anthu ochepa okhaokha.

Njira ina ndi yopita kwa mmodzimmodzi motsata mzere, aliyense n'kupatsidwa nthawi yoyankhira. Chilungamo chake n'choonekeratu, koma imadya nthawi. Kuti adziwe ngati ingatheke, wolandira odwala amawerengera mphindi zimene zatsala asanatseke, n'kuzigawa ndi chiwerengero cha anthu oyenera mpatawo.

Mwachitsanzo, Lachitatu 2 koloko masana wodwala waimba kuti sabwera pa nthawi yake ya Lachinayi 10 koloko m'mawa, ya mphindi 45. Pa mndandanda pali anthu 12. Anayi mwa iwo akufuna chithandizo chopitirira ola, choncho sangakwane m'chigawochi, ndipo atatu ananena kuti amapezeka masana kapena Loweruka basi. Otsala ndi asanu. Chipatala chimatseka 5 koloko, kutanthauza kuti pali mphindi 180, ndipo anthu asanu atapatsidwa mphindi 30 aliyense ndi mphindi 150. Nthawi ikukwana, choncho palibe chifukwa cholumphira aliyense. Woyamba amalandira uthenga wotere: "Moni. Mpata wapezeka kwa dokotala wa mano mawa Lachinayi 10 koloko m'mawa. Yankhani EYA kapena AYI isanakwane 2:30. Musabwere tisanakutsimikizireni."

Uthengawu ukutchula tsiku ndi dzina lake, chifukwa mawu akuti "mawa" paokha amasokoneza munthu amene wauwerenga kutacha. Ukutchula nthawi yeniyeni yotsekera m'malo mongoti "yankhani msanga", popeza msanga wa wina ndi madzulo. Sukutchula matenda, chifukwa foni imodzi imatha kugwiridwa ndi banja lonse. Kufupika kwake kulinso ndi chifukwa. SMS imodzi imatenga zilembo 160, koma mukalowa chilembo ngati ŵ kapena kachithunzi kankhope, malirewo amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga umagawika m'zidutswa zimene zimalipiridwa chilichonse pachokha.

Mphindi 15 zikadutsa woyambayo ali chete, wolandira odwala amamuimbira kamodzi. M'chitsanzochi foni sikupezeka. Pa 2:30 amamutumizira uthenga wachiwiri womuuza kuti nthawi yatha, mpata wapita kwa wotsatira, koma malo ake pa mndandanda adakalipo. Wachiwiri akuyankha AYI pa 2:36, choncho palibe chodikirira mpaka 3 koloko, ndipo uthenga ukupita kwa wachitatu nthawi yomweyo. Iye akuyankha EYA pa 2:50. Wolandira odwala amalemba dzinalo m'buku la dokotala kaye, kenako n'kutumiza chitsimikizo chobwereza tsiku ndi nthawi. Kulemba kumayamba chifukwa pa chipatala chimene pali olandira odwala awiri, mpata wosalembedwa ungathe kuperekedwanso ndi mnzake amene wayankha foni ina.

Cha m'ma 4 koloko woyamba uja akutulukira ndi EYA wake, ndipo akufotokoza kuti foni inali yothima. Mtima umafuna kumubwezera mpatawo, koma kutero ndi kulanda munthu amene watsanzika kale kuntchito ndipo mwina wabwereka kale ndalama ya ulendo. Chitsimikizo chikaperekedwa sichibwezedwa. Chimene woyambayo amapeza n'chakuti adakali pamwamba, ndipo nthawi zambiri sadikira kwambiri, chifukwa wachitatu uja anali ndi tsiku lake la milungu itatu kutsogolo limene tsopano latsala lopanda mwini. Tsiku limenelo ndi mpata watsopano, ndipo limayamba kuperekedwa kwa iye ngati lili pafupi kuposa limene ali nalo. Zipatala zambiri zimaiwala kufufuta tsiku lakaleli, n'kudzadabwa kuti dokotala wakhala chabe pa tsiku limene m'buku munali modzaza.

Zinthu zimasintha wodwala akalephera m'mawa wa tsiku lomwelo. Ngati waimba 8 koloko, ndipo wolowa m'malo akufunika ola limodzi la ulendo, ndiye kuti nkhani iyenera kutha 9 koloko isanakwane. Mphindi 30 kwa aliyense sizingatheke. Apa ndi pamene zolemba za pa tsiku lolembetsa zimathandiza, chifukwa mwa asanu aja awiri ananena kuti amafuna kudziwitsidwa dzulo lake, ndipo otsala ndi atatu. Atatuwo amatumiziridwa uthenga nthawi imodzi, aliyense payekha, wonena mosabisa kuti watumizidwanso kwa ena, kuti mayankho atsekedwa 8:15, ndi kuti mwa ovomera onse mpata upita kwa amene ali patsogolo pa mndandanda. Wachitatu akayankha 8:04 ndipo woyamba n'kuyankha 8:12, mpata ndi wa woyamba. Njirayi imataya mphindi 15 zokha koma imachotsa mpikisano wa zala. Woyamba akavomera msanga palibenso chodikirira, poti palibe womuposa. Onse atatu akakhala chete kapena akakana, uthenga umapita ku gulu lotsatira ngati lilipo, ndipo nthawi ikathiratu mpata umaperekedwa kwa aliyense woyenera amene ali pafupi, chifukwa mpando wopanda munthu suthandiza odikira.

Uthenga wotsekera, wouza ovomera ena kuti mpata watengedwa, ndi umene umaiwalika kwambiri, ndipo kuuiwala kumapweteka anthu. Munthu amene wayankha EYA osamva kanthu amaganiza kuti zatheka, amakwera kabaza, n'kukapeza wina ali kale pampando. Ndalama yake yapita, tsiku lake laonongeka, ndipo dzino likuwawabe. Uthengawu uyenera kutumizidwa mphindi yomweyo imene chitsimikizo chatumizidwa kwa wopambana.

Pa WhatsApp pali misampha iwiri. Kuika odikira onse m'gulu limodzi kumaonetsa nambala ya aliyense kwa anzake, ndipo kumaulula kuti uje akudwala. Njira yotumizira anthu ambiri payekhapayekha, imene pafoni imalembedwa New broadcast, imabisa manambala, koma uthenga wake umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya chipatala m'foni mwawo. Amene sanaisunge salandira kanthu, ndipo wotumiza amangoganiza kuti sanafune kuyankha. Zizindikiro za pambali pa uthenga zimathandiza kuzindikira vutoli: chikakhala chimodzi, uthenga sunafike pafoni ya munthuyo, ndipo ndi bwino kumuimbira kapena kumutumizira SMS nthawi yake isanathe. Zikakhala ziwiri, wafika, ngakhale kuti si umboni woti wawerengedwa.

Kuti mwini chipatala adziwe ngati dongosololi likuyenda, amayang'ana m'kope momwe mumalembedwa amene anatumiziridwa uthenga, nthawi yake ndi yankho lake. Mayina omwewo akamabwerezabwereza kutenga mipata, ndiye kuti mzere sukutsatidwa. Anthu a SMS akamaoneka kuti sayankha pamene a WhatsApp akuyankha, ndiye kuti nthawi yoyankhira ndi yochepa kwa iwo, kapena alibe mayunitsi, ndipo angauzidwe kuti kufulasha n'kokwanira, chipatala chiwaimbira. Munthu amene wakana kapena kukhala chete katatu motsatizana safufutidwa mwakachetechete. Amaimbiridwa n'kufunsidwa ngati akufunabe kukhala pa mndandanda, chifukwa mwina anathandizidwa kale kwina, kapena masiku amene analembetsa anasintha ndipo akufunika kukonzedwa m'kope.