Mmene mungaperekere buku lanu kwa oliwunika

Wolemba akatulutsa buku, ambiri oligula amayamba amva kaye zomwe wina wanena za bukulo. N'chifukwa chake osindikiza amapatula mabuku angapo n'kuwapereka mwaulere kwa atolankhani ndi anthu ena olemba za mabuku, kuti awerenge ndi kuuza anthu maganizo awo.

Tiyerekeze kuti mwasindikiza mabuku 300 a nthano yaitali ya m'Chichewa. Patulanipo 10. Musanatumize, khalani pansi muwerenge nyuzipepala za masabata angapo, monga Weekend Nation, Malawi News ndi The Sunday Times, muone amene amalemba za luso ndi mabuku. Buku la m'Chichewa lingathenso kupeza malo mu Tamvani kapena mu Tikambe. Pa envulopu lembani dzina la munthu. Buku longolembedwa kuti "Kwa Mkonzi" limatha kugona pa tebulo mpaka kuchita fumbi, popeza palibe amene amaliona ngati ntchito yake.

Litumizeni kutatsala mwezi kapena masabata 6 kuti mulikhazikitse. Wowunika ali ndi ntchito zina, ndipo masamba 200 sawerengeka usiku umodzi. M'bukumo ikanimo pepala limodzi lonena mutu wake, wosindikiza, chaka, kuchuluka kwa masamba, mtengo ndi kumene likugulitsidwa. Chithunzi cha chikuto tumizani pa imelo.

Chovuta kwambiri ndi kalata. Ikhale yaifupi ndi yaulemu: "Bambo, ndinawerenga zomwe munalemba zokhudza buku la ndakatulo mwezi watha. Ndakutumizirani langa, nthano ya mtsikana wogulitsa usipa. Mukapeza mpata, ndingakondwe mutalembapo maganizo anu enieni, zokoma ndi zowawa zomwe. Ngati mpata palibe, bukuli ndi lanube." Chiganizo chomalizachi n'chofunika, chifukwa chimamasula munthuyo. Sakhala ngati wadya ngongole yoti abweze ndi matamando.

Mu envulopu musaikemo chipondamthengo. Ndemanga yogula imadziwika msanga: imangoti buku ndi labwino zedi, aliyense agule, osatchula ngakhale dzina la mtengambali mmodzi kapena pamene nkhani yafooka. Owerenga sapusitsidwa nazo, ndipo amasiya kukhulupirira wolemba ndi wowunika yemwe. Musapemphenso kuona ndemangayo isanatuluke.

Pakatha masabata atatu kuli zii, kumbutsani kamodzi, mongofunsa ngati buku linafika. Mwa mabuku 10 aja, ena sadzalembedwa konse, ndipo zimenezo n'zachizolowezi.

Ndemanga ikatuluka yowawa, thokozani ndipo musayankhe mwaukali. Ngati wowunika walakwitsa mtengo kapena dzina lanu, lemberani mkonzi mwaulemu kuti akonze. Koma akati mutu wachitatu ndi wotalika mopitirira, amenewo ndi maganizo omwe munapempha nokha. Kauwerengeninso mutuwo musanayambe kulemba buku lina.