Kuyika Misika ndi Zipatala pa Mapu Popanda Mayina a Misewu

Keyala yoti "pafupi ndi chigayo, Ndirande" munthu amaimva bwino, koma kompyuta imasokera nayo. Ntchito yopatsa keyala manambala awiri a pamapu imayamba ndi kukonza kalembedwe. Mulanje ndi Mlanje, Karonga ndi Kalonga, Nkhotakota ndi Nkhota Kota: lililonse likhale ndi kalembedwe kamodzi. Kenako lembani boma pambali pa dzina, chifukwa Chisomo Clinic akhoza kupezeka m'maboma angapo.

Vuto loopsa silichita phokoso. Pulogalamu ikalephera kupeza msika, imayika kadontho pakatikati pa tauni. Mukaona zipatala zingapo zaunjikana pamalo amodzi, dziwani kuti zalakwika. Apo n'kofunika kutuma munthu akayime pachipata ndi foni, alembe manambala enieni.