Kalata Yoletsa Fodya pa Ntchito

Kalata yotere imalembedwa kusanafike tsiku loyambira, makamaka kutatsala mwezi. Imatchula tsikulo, n’kunena malo oletsedwa: m’maofesi, m’zimbudzi, m’galimoto za kampani, ngakhale pakhomo penipeni, chifukwa utsi umalowerera pazenera.

Koma gawo lofunika kwambiri, lomwe mabwana ambiri amalilemba mothamanga, ndi la ofuna kusiya. Munthu akasiya fodya, chibaba chimavuta kwambiri m’masiku atatu oyamba. Amapsa mtima msanga, tulo timasowa, ndipo izi zimayamba kuchepa pakadutsa milungu iwiri kapena inayi. N’chifukwa chake kalatayo iyenera kunena amene angamuone mwachinsinsi, ngati kampani idzalipira chingamu cha nikotini, komanso ngati kupita kuchipatala kudzadulitsa malipiro.