Kudula Chidule cha Kafukufuku Osataya Mfundo

Chidule cha kafukufuku, chomwe a ku yunivesite amati abusitirakiti, ndi ndime yomwe imakhala pamwamba pa pepala la kafukufuku. Ambiri amawerenga ndime yokhayi n'kusankha kupitiriza kapena kusiya. Malo ake ndi opimidwa: kalembedwe ka bungwe la APA la ku America kamati kawirikawiri chidule chisapitirire mawu 250, ndipo makina ena olandirira mapepala pa intaneti amakana chidule chopyola malire.

Tiyerekeze wophunzira za ulimi amene wayerekeza matumba osalowa mpweya ndi matumba wamba posunga chimanga. Chidule chake chili ndi mawu 320, kotero mawu 70 ayenera kuchoka. Asanadule kanthu, amagawa malo: cholinga mawu 40, njira 70, zotsatira 100, ndi mfundo yomaliza 40. Akawerenga gawo lililonse palokha, lotupa limaonekera. Nthawi zambiri limakhala la kumayambiriro, komwe wolemba amafotokoza kuti chimanga ndi chakudya chodalirika, chinthu chomwe owerenga akudziwa kale. Ziganizo zotere zimachoka zathunthu, pamodzi ndi maina a mabuku ena, chifukwa malo ake ndi m'kati mwa pepala.

Kenako amapeta chiganizo chimodzichimodzi. Chiganizo choti "Kafukufuku ameneyu anachitika ndi cholinga chofuna kudziwa ngati matumba osalowa mpweya angathandize kuchepetsa kuwonongeka kwa chimanga chifukwa cha anankafumbwe" chili ndi mawu 19. Chikakhala "Tinayesa ngati matumba osalowa mpweya amateteza chimanga kwa anankafumbwe", atsala mawu 9, koma funso silinasinthe. M'gawo la njira mumatsala zomwe munthu angayezere nazo kulimba kwa ntchitoyo: malo, chiwerengero cha matumba, miyezi yosungira, ndi momwe kufumbwa kunayezedwera. Mtundu wa sikelo ndi mayina a midzi zikhoza kuchoka.

Zotsatira ndiye zoyenera kutetezedwa kwambiri. Wolemba akapanikizika amathawira ku mawu oti "panali kusiyana kwakukulu", omwe sauza munthu kanthu. Chofunika ndi manambala awiri oyang'anizana: chimanga chofumbwa m'matumba wamba, ndi chofumbwa m'matumba osalowa mpweya. Zotsatira zing'onozing'ono zisiyidwe, chachikulu chikhale ndi manambala ake.

Ngozi ya kudula imabisala m'timawu ting'onoting'ono. Kuchotsa "m'boma limodzi" kapena "kwa miyezi 6" kumapulumutsa mawu ochepa, koma mfundo yomaliza imayamba kulonjeza zomwe kafukufukuyo sanayese. Pomaliza, nambala iliyonse ifananizidwe ndi ya m'pepala lenileni, ndipo mnzake amene sanaone pepalalo awerenge chidulecho n'kuyankha mafunso anayi: anafuna kudziwa chiyani, anachita bwanji, anapeza chiyani, nanga zikutanthauza chiyani. Funso lomwe wakanika kuyankha likusonyeza gawo lomwe ladulidwa mopyola, ndipo mawu olibwezeretsa achotsedwe ku gawo lina.