Katundu akapweteka anthu, kampani ipepese bwanji?

Kampani ikagulitsa katundu amene wadwalitsa kapena kupha anthu, mabwana ake amakokeredwa mbali ziwiri. Maloya amawauza kuti asavomere kalikonse poopa milandu ya chipukutamisozi, pomwe ogula amafuna kumva zoona tsiku lomwelo. Njira imene kampaniyo yasankha m'masiku oyambawo ndi imene anthu amaikumbukira kwa zaka zambiri.

Mu 1982, anthu 7 a m'dera la Chicago ku America anamwalira atamwa mankhwala opha ululu otchedwa Tylenol. Munthu wina anali atathira poizoni m'makapisozi mankhwalawo atatuluka kale m'fakitale. Kampani ya Johnson & Johnson ikanatha kungonena kuti mlandu si wake. M'malo mwake inachenjeza anthu kuti asiye kumwa makapisoziwo, ndipo inachotsa pamsika mabotolo pafupifupi 31 miliyoni m'dziko lonse, zomwe zinaidyera ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni. Kenako inabweretsa botolo lomatidwa malo atatu, loti wina akalitsegula wogula amaona. Pomatha pafupifupi chaka, malonda anali atabwerera mwakale.

Kampani ya Tiger Brands ku South Africa inayenda njira ina. Pa 4 Malichi 2018, nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalengeza kuti mliri wa matenda a lisiteriya unachokera ku poloni wa Enterprise wopangidwa ku Polokwane. Anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira. Malawi ndi Zambia anali m'gulu la maiko amene analetsa nyama yotereyi kulowa. Kampaniyo inachotsadi katundu pamsika ndi kutseka mafakitale, koma m'mawa mwake mkulu wake, Lawrence MacDougall, anauza atolankhani kuti panalibe umboni wolumikiza imfazo mwachindunji ndi katundu wawo. Kwa maloya amenewo anali mawu osamala. Kwa anamfedwa, kunali kuwakana maliro ali pakhomo. Mabanja anakasuma, ndipo mu 2020 kampaniyo inagulitsa bizinesi yake ya nyamayo.

Pali njira yachitatu: kupepesa kwinaku ukuloza ena chala. Mu 2015 Volkswagen inavomera kuti magalimoto 11 miliyoni anali ndi pulogalamu yobisa kuchuluka kwa utsi akamayesedwa. Mkulu wake, Martin Winterkorn, anapepesa n'kutula pansi udindo, koma anati iye sankadziwa. Mkulu wa kampaniyo ku America anauza aphungu kuti anachita zimenezo ndi mainjiniya ochepa chabe. Kupepesa kotere sikukhalitsa, chifukwa kafukufuku akaulula zambiri anthu amaona kuti apusitsidwa kawiri.

Choncho inu ogula, mukamva kampani ikupepesa, yang'anani zinthu zinayi. Kodi yachotsa katunduyo isanakakamizidwe ndi boma? Yanena momveka chimene chinalakwika? Yatchula chomwe yasintha? Nanga ovulalawo iwalipira? Kupepesa kopanda zimenezi n'koteteza dzina la kampani, osati moyo wanu.