Beta ya sheya: mmene timaiwerengera, ndi chifukwa chake nthawi zina imatinamiza

Anzanga a ku Mzuzu, makampani angapo amene mumawaona tsiku ndi tsiku ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Hotela ya Sunbird Mzuzu ndi ya kampani ya Sunbird Tourism, yomwe masheya ake amagulitsidwa pamsikawu. N'chimodzimodzinso National Bank, TNM ndi Airtel Malawi, yomwe inalowa pamsikawu mu 2020. Munthu akagula sheya amakhala kuti wagula kachigawo ka kampaniyo, ndipo ndalama yake imakwera kapena kutsika limodzi ndi mtengo wa sheyayo.

Funso limene wogula amakhala nalo ndi ili: msika wonse ukagwedezeka, sheya yangayi igwedezeka bwanji? Yankho lake ndi nambala imodzi yotchedwa beta. Lero ndikuwonetsani mmene timaipezera ndi masamu a galafu amene mumaphunzira m'kalasi.

Tiyambe ndi zimene timayeza. Sitiyeza mtengo weniweniwo ayi, timayeza kusintha kwa mtengo m'maperesenti. Sheya ikakhala pa K100 kumapeto kwa mwezi watha, n'kufika pa K108 kumapeto kwa mwezi uno, ndiye kuti yasintha ndi 8 peresenti. Ikatsika kufika pa K99, kusintha kwake ndi -1 peresenti. Za msika wonse timaonera nambala yotchedwa MASI, imene imaphatikiza mitengo ya masheya a pamsikawu. Nayonso timaiwerengera kusintha kwake mwezi ndi mwezi mofanana.

Tsono mwezi uliwonse umatipatsa manambala awiri: kusintha kwa msika, kumene titi x, ndi kusintha kwa sheya, kumene titi y. Manambala a m'munsiwa ndawapeka ndekha kuti masamu aphweke, si a kampani iliyonse yeniyeni.

| Mwezi | Msika, x | Sheya, y |
|---|---|---|
| 1 | 2 | 2 |
| 2 | -1 | -1 |
| 3 | 4 | 6 |
| 4 | 0 | 0 |
| 5 | 5 | 8 |

Tengani pepala la galafu muike madontho asanuwa, msika cham'mbali, sheya cham'mwamba. Muona kuti madonthowo akukwera kulowera kumanja. Mukajambula mzere wowongoka wodutsa pakati pawo, mzerewo umatsata `y = mx + c` yomwe mukuidziwa kale. Nambala ya m, yosonyeza kupendekeka kwa mzere, ndiyo beta. Kupeza mzere woterewu ndi masamu m'malo mongoyerekeza ndi maso kumatchedwa ligiresheni. Mzere umene umasankhidwa ndi uja woti ukatenga mipata ya pakati pa dontho lililonse ndi mzere, n'kuchulukitsa mpata uliwonse ndi iwo wokha, zonse pamodzi zimakhala zochepa kwambiri.

Choyamba pezani avereji. Manambala a msika onse pamodzi ndi 10, tikagawa ndi 5 tipeza 2. A sheya onse pamodzi ndi 15, ndiye avereji yake ndi 3. Kenako chotsani avereji pa nambala iliyonse, kuti muone mmene mwezi uliwonse watalikirana ndi avereji. Za msika tipeza 0, -3, 2, -2 ndi 3. Za sheya tipeza -1, -4, 3, -3 ndi 5.

Tsopano chulukitsani manambalawa awiriawiri, wa msika ndi wa sheya a mwezi womwewo. Mwezi wachiwiri, -3 kuchulukitsa ndi -4 ndi 12. Mukatero miyezi yonse mupeza 0, 12, 6, 6 ndi 15, pamodzi 39. Nambala imeneyi imakula ngati sheya ndi msika zikuyendera limodzi, chifukwa zonse zikakhala pansi pa avereji, kapena zonse pamwamba, yankho limatuluka la pulasi. Pomaliza chulukitsani nambala iliyonse ya msika ndi iyo yokha: 0, 9, 4, 4 ndi 9, pamodzi 26. Imeneyi ikusonyeza kugwedezeka kwa msika pawokha.

```
beta = 39 / 26 = 1.5
```

Ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta, lembani msika m'mabokosi a B2 mpaka B6, sheya mu C2 mpaka C6, kenako mu Excel lembani izi. Samalani, sheya ndiyo imayamba:

```
=SLOPE(C2:C6,B2:B6)
```

Beta ya 1.5 ikutiuza kuti msika ukakwera ndi 1 peresenti, sheyayi kawirikawiri imakwera ndi 1.5 peresenti. Komatu mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse: msika ukagwa ndi 10 peresenti, yembekezerani kugwa kwa pafupifupi 15 peresenti. Munthu amene waika K200,000 angataye K30,000, pomwe mnzake wa sheya ya beta ya 0.5 angataye K10,000 yokha. Beta ya 1 ndiye kuti sheya imayenda ndendende ndi msika. Dziwaninso kuti beta imangoyeza kugwedezeka kobwera ndi msika wonse. Mavuto a kampani payokha, monga fakitale kupsa, amaoneka ngati madontho otalikirana ndi mzere, ndipo beta sikuchenjezani za iwo.

Vuto lalikulu pa msika waung'ono ngati wathuwu ndi loti masheya ena amatha masiku osagulidwa ndi aliyense. Popanda wogula ndi wogulitsa, mtengo wolembedwa umakhala womwe uja wakale, ngakhale zinthu zitasintha kunjaku. Zili ngati mtengo wolembedwa pa thumba la chimanga limene palibe walifunsa sabata yonse: pepala silinasinthe, koma sikuti chimanga sichinakwere mumsika.

Tiyeni tiyese pa chitsanzo chathu. Tinene kuti mwezi wachisanu sheya ija sinagulitsidwe n'komwe, ndiye m'malo mwa 8 talemba 0. Avereji ya sheya itsika kufika pa 1.4, ndipo mukabwereza masitepe onse aja, pamalo pa 39 mupeza 15. Nambala ya msika ikhala 26 yomwe ija. Beta yatsopano ndi 15 kugawa ndi 26, pafupifupi 0.58. Taonani! Mwezi umodzi wokha wasandutsa sheya yogwedezeka kwambiri kuoneka ngati yodekha. Munthu wofuna malo otetezeka osungira ndalama zake angakopeke nayo, chonsecho kudekhako n'kwa papepala chabe.

Mungadziwe bwanji kuti beta yanu yagwa mu msampha umenewu? Yang'anani mndandanda wa sheya muwerenge maziro. Pagalafu, madontho ambiri amandandalika pa mzere wa x, msika ukuyenda koma sheya ili phee. Onaninso chiwerengero cha masheya amene anagulitsidwa: ziro wa mwezi umene malonda anachitika, ngati mwezi wachinayi uja, alibe vuto, koma ziro wa mwezi wopanda malonda ndi wokayikitsa.

N'chifukwa chake pa msika wotere ine ndimasankha manambala a pamwezi osati a patsiku, popeza pa mwezi wathunthu mpata woti sheya igulitsidwe ndi waukulu. Miyezi isanu ndi yongophunzirira. Akatswiri ambiri amatenga miyezi 60, kuti mwezi umodzi usapotoze mzere wonse. Mu 1979 katswiri wa ku Britain, Elroy Dimson, anaperekanso njira ina: poti sheya yosagulidwagulidwa imatsatira msika mochedwa, amaiyerekeza ndi msika wa nthawi yomweyo komanso wa nthawi ya m'mbuyo mwake, kenako n'kuphatikiza kupendekeka konseko kukhala beta imodzi.

Yesani nokha: bwezerani 8 pa mwezi wachisanu, koma ikani 0 pa mwezi wachitatu m'malo mwa 6. Mukawerenga bwino mupeza 27 kugawa ndi 26, beta ya pafupifupi 1.04.