Kuyesa ndi kutsuka mapaipi a madzi oziziritsa nyumba

M'nyumba zikuluzikulu monga mahotela ndi zipatala, kuzizira kwa m'zipinda kumachokera ku madzi oyenda m'mapaipi achitsulo. Madziwa amachoka ku makina otchedwa chila ali pa madigiri 6 kapena 7, n'kubwerera ali pafupi ndi 12. Makinawo asanayatsidwe koyamba, kontirakitala amalemba ndondomeko yoyesera ndi kutsukira mapaipi, ndipo injiniya akapanda kuivomereza ntchito siyamba.

Kuyesa kumachitika mapaipi asanakutidwe ndi zotchingira kutentha, kuti polumikizira paliponse pazioneka. Chila ndi timakina ta m'zipinda amazipatula potseka mavalavu. Madzi amalowetsedwa pang'onopang'ono kuchokera pansi, tizibowo ta pamwamba tili totsegula kuti mpweya utuluke. Apa kuthamanga kumawononga ntchito. Mpweya wotsalira umapanikizika n'kumakankha madzi, choncho muvi wa geji sutsika msanga ngakhale penapake pakudontha.

Kawirikawiri presha yoyesera imakhala ya masiku onse kuphatikiza theka lake. Ngati pansi pa nyumba yotalika mamita 30 mapaipi adzagwira ntchito pa mabaa 6, amisiri amapopa ndi pampu yamanja mpaka mabaa 9. Geji ina itakhala padenga ingawerenge mabaa 6 okha, chifukwa mamita 10 aliwonse a madzi amapereka pafupifupi baa imodzi. N'chifukwa chake ndondomeko imatchula pomwe geji iikidwe. Kenaka pampu imachotsedwa, presha n'kusiyidwa kwa nthawi yogwirizana, mwina maola awiri, amisiri akuyendera powotcherera paliponse ndi tochi ndi kansalu kouma. Koma muvi ukatsika sikuti nthawi zonse pabowoka. Madzi opopedwa masana dzuwa likuswa mtengo amazizira madzulo ndipo presha imagwa yokha, n'chifukwa chake kutentha kwa madziwo kumalembedwanso pafomu.

Mapaipi osadontha amakhalabe akuda mkati: muli dzimbiri, mchenga, mafuta ndi zinyenyeswa za kuwotcherera. Zimenezi zikafika m'timapaipi ting'onoting'ono ta m'zipinda zimatseka njira, chipinda n'kumangotentha pamene chila ikugwira bwinobwino. Motero potsuka, madzi amalambalalitsidwa pa kapaipi kachidule kuti asalowe m'makina. Malangizo a ku Britain a BSRIA BG 29 amafuna kuti madzi athamange pafupifupi mita imodzi pa sekondi, kapena kupitirira pang'ono m'mapaipi aakulu, poti madzi oyenda mwaulesi amangodutsa pamwamba pa zinyalala. Pampu singakwanitse liwiro limeneli m'nthambi zonse pakamodzi, ndiye amatsuka nthambi imodziimodzi zinazo zili zotseka, akuchotsa ndi kutsuka masefa mpaka atasiya kugwira kanthu.

Pambuyo pake amazungulitsa mankhwala osungunula mafuta ndi dzimbiri, n'kutsukuluza mpaka madzi otuluka atafanana ndi olowa akapimidwa. Madzi omaliza amathiridwa mankhwala oletsa dzimbiri ndi opha tizilombo nthawi yomweyo, chifukwa chitsulo chongotsukidwa kumene chimachita dzimbiri msanga, ndipo pampu imayatsidwa pafupipafupi kufikira tsiku loyatsa chila.